Kanambala kotsatira avereji m'tebulo la zotsatira za kafukufuku

M'malipoti ambiri a kafukufuku mumapezeka zinthu zolembedwa motere: 18.4 ± 0.8. Nambala yoyambayo sivuta, ndi avereji ya gulu. Yachiwiriyo ndiyo imasokeretsa anthu, chifukwa ikhoza kuimira zinthu zitatu zosiyana kwambiri, ndipo kachizindikiro ka ± sikanena kuti ndi chiti mwa zitatuzo. Wolemba amadziwa chimene anawerengetsera, ndiye amaiwala kuti wowerenga sanali naye pa kompyuta tsiku limenelo. Ntchito yaikulu pokonza tebulo la maavereji ndi kutseka mpata umenewu, kuti munthu amene wangotsegula pa tsamba la tebulolo, asanawerenge ndime ngakhale imodzi ya lipoti, adziwe chimene chinayezedwa, pa zinthu zingati, ndiponso tanthauzo la nambala iliyonse.

Tiyambe ndi chifukwa chake avereji siyenera kuyenda yokha. Tiyerekeze kuti mwayeza kutalika kwa mbande zisanu n'kupeza masentimita 10, 12, 13, 14 ndi 16. Zonse pamodzi ndi 65, ndipo mukagawa ndi 5 avereji ndi 13. Mnzanu wayeza mbande zina zisanu n'kupeza 5, 9, 13, 17 ndi 21. Nayenso avereji yake ndi 13. Tebulo longosonyeza maavereji linganene kuti magulu awiriwa ndi ofanana, pamene aliyense woona mbandezo ndi maso angaone kuti za gulu loyamba zakula mofanana ndithu, koma za gulu lachiwiri zina n'zopinimbira, zina n'zazitali kwambiri. Chimene chasiyana ndi kumwazikana kwa manambala, ndipo muyeso wake wodziwika kwambiri umalembedwa SD.

Kapezedwe ka SD n'kosavuta. Pa gulu loyamba lija, chotsani 13 pa nambala iliyonse, mupeza −3, −1, 0, 1 ndi 3. Chulukitsani iliyonse ndi iyo yomwe, mupeza 9, 1, 0, 1 ndi 9, zomwe pamodzi ndi 20. Gawani 20 ndi 4, osati 5, ndiye kuti chiwerengero cha mbande kuchotsapo imodzi. Mwapeza 5, ndipo sikweya ruti yake ndi 2.24. Imeneyo ndiyo SD. Mukachita chimodzimodzi pa gulu la mnzanu mupeza 6.32. Tsopano tebulo likalemba 13.0 (2.2) ndi 13.0 (6.3), wowerenga akuona zimene maso anu anaona.

Nkhani ya kugawa ndi 4 m'malo mwa 5 ili ndi msampha kwa ogwiritsa ntchito Excel, chifukwa muli mafomyula awiri ofanana mayina:

```
=STDEV.S(B2:B6)
=STDEV.P(B2:B6)
```

Yoyambayo imagawa ndi n − 1, n kuimira chiwerengero cha zinthu zimene mwayeza, ndipo ndiyo yoyenera pamene zimene mwayeza ndi kagulu kongotapa kuchokera pa zinthu zambiri, monga zimakhalira pa kafukufuku wambiri. Yachiwiriyo imagawa ndi n, ndipo pa mbande zathu zisanu ingapereke 2.00 m'malo mwa 2.24. Gulu likakhala lalikulu kusiyanako kumachepa mpaka kusaoneka, koma pa magulu ang'onoang'ono kumaonekera m'tebulo.

Tsopano tibwerere ku 18.4 ± 0.8. Tiyerekeze kuti munadzala mbande 75 n'kuzigawa m'magulu atatu a mbande 25: gulu loyamba pa dzuwa, lachiwiri pa mthunzi wochepa, lachitatu pa mthunzi wambiri, ndipo patatha masiku 42 munayeza kutalika kwake. Manambala onse amene akutsatirawa ndi ongopeka kuti tione kagwiridwe ka ntchito. Gulu la pa dzuwa lili ndi avereji ya masentimita 18.4 ndi SD ya 4.0. Ngati manambalawo anamwazikana mofanana mbali zonse ziwiri za avereji, ambiri ataunjikana pakati, ndiye kuti pafupifupi mbande ziwiri mwa zitatu zilizonse zili pakati pa 14.4 ndi 22.4, ndipo pafupifupi zonse zili pakati pa 10.4 ndi 26.4. SD ikufotokoza mbandezo, mmene zikusiyanirana.

Nanga 0.8 wachokera kuti? Ameneyo ndi SE, amene amapezeka pogawa SD ndi sikweya ruti ya n. Sikweya ruti ya 25 ndi 5, ndipo 4.0 kugawa ndi 5 ndi 0.8. SE sanena chilichonse chokhudza mmene mbande zikusiyanirana. Amanena za avereji: mukanabwereza kafukufukuyu kambirimbiri ndi mbande zina 25 ulendo uliwonse, maavereji anu akanamasiyana motani. N'chifukwa chake SE amachepa mukachulukitsa mbande, pamene SD sichepa. Mukayeza mbande 100 m'malo mwa 25, SD ikhalabe cha m'ma 4, popeza mbande sizisiya kusiyana chifukwa choti mwayeza zambiri, koma SE atsika kufika pa 0.4. Chinthu chachitatu chimene ena amaika pambuyo pa ± ndi theka la 95% CI, malire odalirika a avereji. Pa gulu limeneli thekalo ndi 0.8 kuchulukitsa ndi 2.064, nambala yotengedwa pa tebulo la t imene imadalira kukula kwa gulu, ndiye kuti 1.65.

Choncho gulu limodzi lomweli likhoza kulembedwa 18.4 ± 4.0, kapena 18.4 ± 0.8, kapena 18.4 ± 1.7, ndipo zonsezo n'zoona. Vuto limabwera wowerenga akaona 0.8 n'kuganiza kuti ndi SD. Iye angakhulupirire kuti pafupifupi mbande zonse zinali pakati pa 16.8 ndi 20.0, pamene zoona zake n'zakuti zinamwazikana kuwirikiza kasanu kuposa pamenepo. Ndipo tisanamizane, olemba ena amakonda SE chifukwa ndi wamng'ono ndipo amachititsa zotsatira kuoneka zaukhondo.

Kusankha kumadalira funso limene tebulo likuyankha. Ngati likufotokoza mmene magulu analili, ikani SD. Ngati likusonyeza kuti avereji, kapena kusiyana kwa maavereji awiri, tingakudalire motani, 95% CI ndiyo yomveka bwino kuposa SE, ndipo ilembedwe malire ake onse awiri, monga [16.7, 20.1]. Ineyo ndimakonda kutaya chizindikiro cha ± n'kuika SD m'mabulaketi, pamutu pa mzere wotsikawo n'kulembapo M (SD), M kuimira avereji, kapena kupatsa M ndi SD mizere yawoyawo. Tanthauzo likakhala pamutu penipeni, palibe amene angasochere. Ndipo n akhalepo nthawi zonse pa gulu lililonse, chifukwa wowerenga amene ali ndi SD ndi n angathe kudzipezera yekha SE, koma wopanda n alibe pogwira.

Tebulo la mbande zathu lingaoneke motere.

Tebulo 1
Kutalika kwa mbande (cm) pa tsiku la 42, potengera kuwala kumene zinalandira

| Gulu | n | M | SD | 95% CI |
|---|---:|---:|---:|---:|
| Pa dzuwa | 25 | 18.4 | 4.0 | [16.7, 20.1] |
| Mthunzi wochepa | 25 | 16.1 | 4.5 | [14.2, 18.0] |
| Mthunzi wambiri | 16ᵃ | 17.2 | 2.4 | [15.9, 18.5] |

Dziwani izi: M ndi avereji, SD ndi kumwazikana kwa kutalika kwa mbande m'gulu, CI ndi malire odalirika a avereji. Kutalika kunayezedwa kuchokera pa dothi kufika pa nsonga.
ᵃ Mbande 9 mwa 25 zinafa tsiku la 42 lisanafike ndipo sizinawerengeredwe.

Mutu wa tebuloli ukunena zinthu zinayi: chimene chinayezedwa, muyeso wake, nthawi yake, ndi chimene chikusiyanitsa magulu. Mutu wongoti "Zotsatira" sunena kanthu, chifukwa tebulo lililonse m'chigawo chimenecho ndi la zotsatira. Muyeso wa cm walembedwa kamodzi kokha pamutu, osati pambali pa nambala iliyonse, ndipo magulu atchulidwa mayina awo enieni m'malo mwa A, B ndi C kapena mayina achidule amene munkagwiritsa ntchito pa kompyuta. Maavereji atatu ali mu mzere umodzi wotsika, ina pansi pa inzake, chifukwa diso limayerekeza manambala mosavuta likamatsika kusiyana ndi likamapingasa. Kuti zimenezi zitheke, timadontho ta desimo tiyenera kukhala pa mzere umodzi. Manambala onse akakhala ndi malo ofanana a desimo, kuwakankhira kudzanja lamanja kumakwanira, ndipo mu Word muli Decimal Tab yochitira zomwezo. Kuwaika pakati pa bokosi kumasokoneza 9.8 akakhala pansi pa 18.4, popeza 9 amagwera malo olakwika ndipo diso silizindikira msanga kuti nambalayo ndi yaing'ono. Mizere yolekanitsa ikhale yochepa: umodzi pamwamba, wina pansi pa mitu, wina kumapeto. Yotsika njosafunika.

Pulogalamu yowerengetsera imatulutsa avereji ngati 18.40000, ndipo ambiri amangokopera choncho. Koma ngati munayeza ndi rula n'kumalemba masentimita athunthu, manambala asanu pambuyo pa kadontho akunamiza wowerenga kuti muyeso wanu unali wakuthwa kuposa mmene unalili. Chizolowezi chabwino n'chakuti avereji ipitirire muyeso woyambirira ndi malo amodzi okha a desimo, ndipo SD itsatire avereji. SE wa gulu lathu ndi 0.8, kutanthauza kuti ngakhale 4 wa mu 18.4 ndi wogwedezeka kale, ndiye za 18.40000 n'zongotopetsa maso. Ziro wa kumapeto asatayidwe: lembani 4.0, osati 4, kuti mzere wonse ufanane. Komanso kufupikitsa manambala kuchitike pomaliza penipeni. Mukafupikitsa SD kaye kenako n'kuwerengetsera CI kuchokera pa yofupikitsidwayo, malire anu akhoza kusiyana pang'ono ndi a pulogalamu, ndipo wounika lipoti watcheru adzafunsa.

Mbali yofunika kwambiri m'tebulo lathu ndi kachilembo kakang'ono kali pambali pa 16. Taonani mzere wachitatuwo popanda mawu a m'munsi. Mbande za pa mthunzi wambiri zikuoneka kuti zinakula kuposa za pa mthunzi wochepa, 17.2 poyerekeza ndi 16.1, ndiponso zinakula mofanana kwambiri, popeza SD yake ndi 2.4 yokha. Munthu angathamangire kunena kuti mthunzi wambiri ndi wabwino. Koma mbande 9 zinafa, ndipo kawirikawiri zimene zimayamba kufa ndi zofooka, zomwe zikanakokera avereji pansi n'kukulitsa SD. Zotsalazo ndi zamphamvu zokhazokha. Avereji ya 17.2 si yabodza, koma ndi ya mbande zopulumuka, ndipo wowerenga sangadziwe zimenezi ngati simumuuza pomwepo. Ambiri amaona matebulo asanawerenge ndime, ena amakopera tebulo lokha n'kukaliika kwina. Chenjezo lobisika pa tsamba lina silipita nawo.

Pali njira inanso imene mbande zakufazo zingawonongere tebulo. Ngati wolowetsa manambala analemba 0 pa mbande iliyonse yakufa, fomyula ya AVERAGE idzawerengera maziro 9 amenewo ngati kutalika kwenikweni, pamene mabokosi opanda kanthu imawadumpha. Mbande 16 za avereji ya 17.2 pamodzi ndi masentimita 275.2, ndipo mukagawa ndi 25 m'malo mwa 16 mupeza 11.0. Gulu lomwelo likhoza kukhala 17.2 kapena 11.0 malinga ndi zimene zinalembedwa m'mabokosi 9. Chizindikiro cha vutoli ndi n amene akadali 25 pamene mukudziwa kuti zina zinafa, komanso SD yaikulu modabwitsa poyerekeza ndi magulu ena. N'chifukwa chake n ayenera kuchokera ku fomyula ya COUNT pa mabokosi omwewo amene anatulutsa avereji, osati m'mutu mwanu. M'tebulo lomalizidwa namonso, pamene palibe nambala ikanipo kamzere n'kufotokoza m'munsi chifukwa chake. Musalembe 0, ndipo musasiye bokosi lopanda kanthu, chifukwa wowerenga sangadziwe ngati munaiwala kapena simunayeze.

Mawu a m'munsi ali ndi dongosolo lake. Kalembedwe ka APA, kamene kamagwiritsidwa ntchito kwambiri pa kafukufuku wa zamaphunziro ndi wa kaganizidwe ka anthu, kamawagawa patatu. Oyamba ndi okhudza tebulo lonse, monga matanthauzo a zidule ndi mmene muyeso unachitikira, ndipo m'lipoti la Chingerezi amayamba ndi mawu akuti Note. Achiwiri ndi okhudza bokosi limodzi, mzere umodzi kapena gulu limodzi, ndipo amalozedwa ndi tizilembo tokwezeka ᵃ, ᵇ, ᶜ, kuyambira pamwamba kumanzere kupita kumanja, kenako kutsika. Omaliza ndi a timanyenyezi tosonyeza p, nambala yonena mwayi wopeza kusiyana kotere mwangozi chabe ngati magulu sasiyana kwenikweni. Magazini ena a zachipatala amagwiritsa ntchito zizindikiro monga *, †, ‡ ndi § m'malo mwa zilembo, choncho onani kaye malamulo a kumene lipoti likupita. Chimene muyenera kupewa kulikonse ndi kulozera ndi manambala okwezeka, chifukwa 16² aliyense angamuwerenge ngati 256.

Timanyenyezi timafuna kusamala kwapadera. Kanyenyezi kokhala pambali pa avereji imodzi m'tebulo la magulu atatu sikanena kuti gululo likusiyana ndi liti, ndipo mawu a m'munsi ongoti *p < .05 sathandiza. Ayenera kutchula gulu loyerekezerako ndi njira yoyesera imene munagwiritsa ntchito. Ndipo musadalire maso pogamula kusiyana. Gulu la pa dzuwa likuposa la mthunzi wochepa ndi masentimita 2.3. Tikanalemba SE, wa gulu loyamba ndi 0.8 ndipo wa lachiwiri ndi 0.9, ndiye loyamba likanayambira pa 17.6 pamene lachiwiri likanathera pa 17.0. Sakukhudzana, ndipo ambiri akanati kusiyanako n'kotsimikizika. Koma SE wa kusiyanako ndi sikweya ruti ya 0.64 kuphatikiza 0.81, ndiye kuti 1.20. Mukagawa 2.3 ndi 1.20 mupeza t wa 1.91, ndipo p wake ali cha pa .06. Malire a 95% CI a kusiyanako akuchokera pa −0.1 kufika pa 4.7, ndiye kuti ziro ali mkati. Ngati funso lalikulu la kafukufuku ndi kusiyana kumeneku, ndi bwino kuwonjezera mzere wotsika wosonyeza 2.3 [−0.1, 4.7] kusiyana ndi kusiya wowerenga azilosera. Mzere umenewu ukumuuza kuti kusiyanako kukhoza kukhala kosanunkha kanthu kapena kufika pafupifupi masentimita asanu, zomwe kanyenyezi, kakhalepo kapena kasakhalepo, sikanganene.

Nthawi zina M ndi SD si zoyenera n'komwe, ndipo tebulo lenilenilo limadziulula. Tiyerekeze kuti munalembanso masiku amene njere zisanu ndi ziwiri zinatenga kuti zimere: 3, 3, 4, 4, 5, 5 ndi 32. Avereji ndi 8.0 ndipo SD ndi 10.6. Mukachotsa SD pa avereji mukupeza masiku ochepera ziro, chinthu chosatheka. Pa muyeso umene sungatsike kupitirira ziro, SD ikaposa theka la avereji muyenera kukayikira kuti manambala apendekera mbali imodzi, ndipo ikaposa avereji yeniyeniyo, monga pano, palibenso chokayikitsa. Njere zisanu ndi imodzi zinamera pasanathe sabata, ndipo imodzi yokha yochedwayo ndiyo yakokera avereji pa 8, nambala yosafanana ndi njere ina iliyonse m'gululo. Apa chofunika ndi midiyani, nambala imene imakhala pakati mukandandalika manambala kuyambira waung'ono, yomwe pano ndi 4. Pambali pake, gulu likakhala laling'ono chonchi, lembani nambala yotsikitsitsa ndi yokweretsetsa, 3 mpaka 32. Gulu likakhala lalikulu, amalemba IQR, malire amene mkati mwake muli theka lapakati la manambala onse.

N'zololedwa kuti tebulo limodzi likhale ndi M (SD) pa kutalika ndi midiyani pa masiku omera, bola dzina la mzere uliwonse linene chimene chili mmenemo. Kudalira mawu a m'munsi okha pa nkhaniyi n'koopsa, popeza 4 (3–32) ndi 18.4 (4.0) zimaoneka zofanana kwa munthu wothamanga. Ndipo 32 uja musamufufute mwakachetechete. Bwererani ku pepala limene munalembapo poyamba, muone ngati sanali 3 kapena 2 amene chala chinamuphatikiza ndi mnzake polowetsa. Ngati alidi 32 akhalepo, ndipo ngati pali chifukwa chomveka chomuchotsera, n atsike kukhala 6, kachilembo ka ᵇ kaikidwe pambali pake, ndipo m'munsi mulembe nambala imene yachotsedwa ndi chifukwa chake.